Kyubiki ya ADMA: pa infulekishoni mzere ugone kapena iyayi?

Kapata_G12
Mwaswera bwanji nonse. Amene mumachita ADMA, masamu owonjezera aja, ndithandizeniko mutu waima. Anatipatsa y = x³ − 6x² + 9x + 1 kuti tipeze potembenukira, tipeze poyinti ya infulekishoni kenako tijambule kevu. Ine ndinapeza dy/dx = 3x² − 12x + 9, inandipatsa x = 1 ndi x = 3, makisimamu pa (1, 5) minimamu pa (3, 1). Derivativi yachiwiri d²y/dx² = 6x − 12, nditaiyika ziro ndinapeza x = 2, y = 3. Zonsezi anandichongera bwinobwino koma pa chojambula anazunguliza (2, 3) ndi bolopeni yofiira n'kundichotsera mamakisi. Pamenepo ine ndinagoneka mzere pang'ono kenako n'kupitiriza kutsika, chifukwa mu notsi zathu infulekishoni inajambulidwa chogona choncho. Manje vuto lili pati? moko yayandikira ndipo sindifuna kuluzanso apa

Mchini_Boyi
Si x = −b/2a imeneyo? ukapeza pamenepo wamaliza, mbali inayo umangokopera

Kapata_G12
Iyayi akulu, imeneyo ndi ya kwadiratiki. Yanga ili ndi x³

WakuKatete
Mlongo masamu ako onse ali bwino, ine ndikuona ngati anakulakwira chabe. Lamulo lake ndi losavuta, d²y/dx² ikakhala ziro basi ndi infulekishoni, ikakhala pozitivi kevu ikukwera, ikakhala negetivi kevu ikutsika. Ziro ndiye kuti sikukwera sikutsika ndiye kugoneka mzere pamenepo n'koyenera. Pita ukawafunse bwino akubwezere mamakisi ako

Mphunzitsi_Chadiza
Asapite kaye, a Katete. Aphunzitsi ake anachonga bwino, ndipo zomwe mwalembazi ndi zomwe zimagwetsa ana ambiri m'kalasi mwanga.

Mwananga wa ku Kapata, tenga x = 2 uilowetse mu dy/dx, osati mu derivativi yachiwiri. 3(4) − 12(2) + 9 = 12 − 24 + 9 = −3. Giradiyenti pa (2, 3) ndi −3. Mzere wogona giradiyenti yake ndi ziro, ndiye iwe unajambula ziro pamalo pomwe masamu ako omwe akunena −3. Unikanso mbali iyi. dy/dx yako ndi kwadiratiki, ingakhale ziro pa malo awiri basi, ndipo malo awiriwo wawapeza kale, 1 ndi 3. Chojambula chako chili ndi malo atatu ogona, pa 1, pa 2 ndi pa 3. Palibe kyubiki yomwe ingatero.

Yomwe imanena za kukwera ndi kutsika ndi derivativi yoyamba. Yachiwiri imanena zomwe zikuchitikira giradiyentiyo, kaya ikukula kaya ikuchepa pomwe ukuyenda kupita kumanja. Lemba magiradiyenti motsatana uone wekha. Pa x = 0 ndi 9, pa x = 1 ndi 0, pa x = 2 ndi −3, pa x = 3 ndi 0, pa x = 4 ndi 9. Kuchokera pa 9 yatsika kufika 0, yatsikanso kufika −3, kenako yabwerera, 0, 9. Pa x = 2 ndi pomwe giradiyenti yasiya kuchepa n'kuyamba kukula. Infulekishoni ndi imeneyo. Pakati pa makisimamu ndi minimamu, malo omwe kevu ikutsetsereka kwambiri kuposa pena paliponse ndi pomwe iwe unaigoneka.

WakuKatete
Aphunzitsi koma pozitivi si kukwera? ine ndi momwe ndinagwirira kuyambira giredi 11

Mphunzitsi_Chadiza
Yesani x = 2.5. Derivativi yachiwiri ndi 6(2.5) − 12 = 3, pozitivi. Koma kevu pamenepo ikuchoka pa (2, 3) kupita pa (3, 1). Ikukwera?

WakuKatete
Ikutsika. dy/dx pa 2.5 ndapeza −2.25

Mphunzitsi_Chadiza
Eya. Ikutsika koma kutsika kwake kukuchepa mphamvu, −3 yakhala −2.25, ikupita ku ziro. Chomwe chikukwera ndi giradiyenti, osati kevu.

Ana anga ndimawauza kuti aganize za mbale. d²y/dx² ikakhala pozitivi kevu yapindika ngati mbale yoyang'ana kumwamba, yoti n'kuikamo ndiwo. Ikakhala negetivi ndi mbale yovundikira. Mbale yoyang'ana kumwamba ili ndi mbali yotsika kumanzere ndi mbali yokwera kumanja, zonse ndi za mbale imodzi yomweyo. Ndiye mu funso ili, 6x − 12 < 0 pomwe x < 2, kumanzere konse kwa 2 ndi mbale yovundikira, ndipo makisimamu (1, 5) ili pamwamba pake. 6x − 12 > 0 pomwe x > 2, kumanja konse mbale yayang'ana kumwamba, minimamu (3, 1) ili pansi pake. Pa (2, 3) ndi pomwe ziwirizi zalumikizana.

Kapata_G12
Zikomo aphunzitsi zayamba kulowa. Koma nanga ija ya mu notsi inagona bwanji? siinali yabodza ka, ndi imene anatijambulira pa bolodi

Kanjala_UNZA1
Ya mu notsi mwina inali y = x³, ndi yomwe amakonda kuyambira nayo. Imeneyo dy/dx = 3x² ndipo d²y/dx² = 6x, zonse ziwiri zimakhala ziro pa x = 0 nthawi imodzi ndiye imagonadi. Koma chomwe chaigoneka ndi dy/dx = 0, osati derivativi yachiwiri. Vuto ndi loti chitsanzo choyamba chomwe munthu waona chimakakamira m'mutu ndiye aliyense amaganiza kuti infulekishoni iliyonse ndi yogona, pomwe makyubiki ambiri omwe umakumana nawo sagona pamenepo. Nthawi zonse ukapeza x ya infulekishoni ilowetsenso mu dy/dx, ndi mzere umodzi chabe wa ntchito

Amake_Mapasa
Pepani kulowerera a gulu. Ine ndili ndi mapasa giredi 12 koma sachita ADMA, ndi masamu wamba. Nawonso ndimaona akujambula makevu okhotakhota awa pa pepala la girafu, amadzaza tebulo kenako amaika rula. Izi za derivativi yachiwiri nawonso azidziwe? chifukwa sindinawamvepo akuzitchula ndipo ndalama ya tyushoni ndikulipira mwezi ndi mwezi, ndayamba kuda nkhawa kuti mwina akuwadumphira zina

Mphunzitsi_Chadiza
Amake mapasa musade nkhawa. Zomwe akuchita anawo ndi zina, amapatsidwa tebulo la x ndi y, amaika madontho pa pepala la girafu n'kulumikiza, rula ija ndi yojambulira tanjenti kuti apeze giradiyenti. Awa a ADMA amafunika kudziwa maonekedwe a kevu kuchokera ku masamu, opanda tebulo lalitali. Chomwe ndingapemphe n'chakuti asamalumikize madontho ndi rula, kevu ikhale yosalala ya dzanja, ndipo pensulo ikhale yosongoka.

Amake_Mapasa
Zikomo kwambiri aphunzitsi mtima wakhala pansi. Mapepala a girafuwo akutha msanga mwee, awiri nthawi imodzi si masewera. Alipo akudziwa komwe akugulitsa buku lathunthu motchipa mu tauni?

Mchini_Boyi
Amama yesani ku Dauni Shopu, kapena m'mashopu a mabuku pafupi ndi msika wa Kapata, mukagula awiri mutha kunenerera

Nyimba_Nthochi
Kuno kwathu timangojambula mizere tokha mu buku la masikweya poyeserera, pepala lenileni timasungira mayeso. Malaiti akapita usiku timawerengera tochi ya foni basi

Kapata_G12
Tibwerereko pang'ono abale. Ndamva kuti isagone, koma manje ndijambule bwanji kuti ioneke yolondola? dzanja langa likafika pakati limangopanga mzere wowongoka kuchoka pa (1, 5) mpaka pa (3, 1)

Kanjala_UNZA1
Ine ndimachita chonchi. Ika madontho atatu aja kaye, (1, 5), (2, 3), (3, 1), uwonjezere (0, 1) pomwe kevu imadula mzere wa y. Kenako ndi pensulo yopepuka jambula tanjenti ya pa infulekishoni. Ikudutsa pa (2, 3) ndi giradiyenti −3 ndiye ndi y = −3x + 9, rula uyiike pa (1, 6) ndi (3, 0). Manje chinsinsi chake ndi ichi, kumanzere kwa 2 kevu imakhala pansi pa mzerewu, kumanja imakhala pamwamba pake. Yesa pa x = 1.5, kevu ndi 4.375 pomwe mzere ndi 4.5, ili pansi. Pa x = 2.5 kevu ndi 1.625 pomwe mzere ndi 1.5, ili pamwamba. Ndiye kevu imachoka pa (1, 5) chogona, imapindika n'kufika pa mzere uja kuchokera pansi, imaudutsa pa (2, 3) penipeni, kenako imapatuka pamwamba pake kukagona pa (3, 1). Pafupi ndi 2 imaonekadi ngati yowongoka, kusiyana kwake ndi mzere ndi 0.125 chabe pa 1.5 ndi pa 2.5, ndiye dzanja lako silikunama kwenikweni, chongofunika n'chakuti pa 1 ndi pa 3 ufike mozungulira osati ndi nsonga

WakuKatete
Tanjenti kudutsa kevu? ife anatiuza kuti tanjenti imangokhudza siidutsa

Kanjala_UNZA1
Pena paliponse pa kevu iyi imangokhudzadi n'kukhala mbali imodzi pafupi ndi pomwe yakhudzapo. Pa infulekishoni pokha imadutsa. Chotsa mzere ku kevu uone, (x³ − 6x² + 9x + 1) − (−3x + 9) = x³ − 6x² + 12x − 8 = (x − 2)³. Imeneyi ndi negetivi x ikachepera 2, pozitivi x ikaposa 2

Mphunzitsi_Chadiza
Wa ku Kanjala walongosola bwino. Ndiwonjezere za kumapeto kwa kevu, poti ana ambiri amasamala pakati n'kuwononga m'mbali. Kyubiki imasintha kapindikidwe kamodzi kokha. Ukadutsa x = 2 kupita kumanja, 6x − 12 sidzabwereranso ku negetivi, ndiye mchira wa kumanja uzikwera mowirikiza, pa x = 4 uli pa 5, pa x = 5 wafika kale pa 21. Ndimaona ana akufika m'mphepete mwa pepala n'kuupinda mchira kuti ukwane, umayamba kugona ngati ukufuna makisimamu ina. Ukatero wajambula infulekishoni yachiwiri yomwe kulibe. Chimodzimodzi kumanzere, pa x = −1 kevu ili pa −15 ndipo ikupitirira kutsetsereka, isapindikire kunja. Imadula mzere wa x kamodzi kokha, pakati pa −1 ndi 0, pafupi kwambiri ndi −0.1, chifukwa minimamu ili pa y = 1, siifika pansi.

Mkwasu_Petauke
Akwasu ine ndikulembanso GCE, ndimagwira ntchito masana ndiye ndimawerenga ndekha usiku. Langa ndi ili, y = 2 + 3x² − x³. Ndapeza dy/dx = 6x − 3x², potembenukira x = 0 ndi x = 2, mapoyinti (0, 2) ndi (2, 6). d²y/dx² = 6 − 6x ndiye infulekishoni pa x = 1, poyinti (1, 0). Kenako 6 − 6x > 0 ndapeza x > 1 ndiye mbale yoyang'ana kumwamba ili kumanja ngati ya mlongoyu. Koma ndikajambula sizikugwirizana olo pang'ono, (2, 6) ili pamwamba koma masamu akuti ili mu mbale yoyang'ana kumwamba, ndipo (1, 0) ili pansi pa onse awiri. Ndafufuta mpaka pepala labooka

Nyimba_Nthochi
(1, 0) mwaipeza bwanji amdala? 2 + 3 − 1 ndi 4

Mkwasu_Petauke
Ndalowetsa 1 mu 6 − 6x

Nyimba_Nthochi
Ndi pamenepo. Mu 6 − 6x mupeza ziro nthawi zonse poti ndi momwe mwapezera x yo. y imachokera mu ikwezhoni yoyambirira. Ndi (1, 4)

Mphunzitsi_Chadiza
Wa ku Nyimba wagwira choyamba. Chachiwiri ndi saini, a Petauke. 6 − 6x > 0 ikupatsani −6x > −6, ndipo mukagawa ndi −6 chizindikiro chimatembenuka, x < 1. Ngati kutembenuzako kumakusokonezani, samutsani 6x ipite mbali inayo, 6 > 6x, ndiye 1 > x, palibe kugawa ndi negetivi. Kapena siyani zonsezo mungoyesa nambala imodzi mbali iliyonse. Pa x = 0 derivativi yachiwiri ndi 6, pozitivi, mbale yayang'ana kumwamba, (0, 2) ndi minimamu. Pa x = 2 ndi 6 − 12 = −6, negetivi, mbale yovundikira, (2, 6) ndi makisimamu. Yanuyi ili ndi −x³ ndiye yatembenuka poyerekeza ndi ya mwana wa ku Kapata, imachokera kumwamba kumanzere, kutsikira pa (0, 2), kukwera kudutsa pa (1, 4) ndi giradiyenti 6 − 3 = 3, kufika pa (2, 6), n'kutsika osabwereranso.

Mwachita bwino kuima mutaona kuti chojambula chikukana. Makisimamu siingakhale mu mbale yoyang'ana kumwamba, mukaona zotero dziwani kuti saini yathawa penapake.

Mkwasu_Petauke
Zikomo aphunzitsi Mulungu akudalitseni, manje yatuluka bwino. (1, 4) yakhala pakati penipeni pa (0, 2) ndi (2, 6), ndi mwangozi kapena?

Kanjala_UNZA1
Si mwangozi, kyubiki iliyonse yokhala ndi makisimamu ndi minimamu imatero. Ya mlongo uja (1, 5) ndi (3, 1), phatikiza ugawe ndi 2, (1 + 3)/2 = 2, (5 + 1)/2 = 3, yatuluka (2, 3). Chifukwa chake n'choti pa y = ax³ + bx² + cx + d, dy/dx = 3ax² + 2bx + c ndi parabola, ndipo nsonga ya parabola imakhala pakati pa malo awiri omwe yadula mzere wa x. Nsongayo ndi pomwe giradiyenti yasiya kuchepa n'kuyamba kukula kapena yasiya kukula n'kuyamba kuchepa, pa x = −b/(3a), pomwe 6ax + 2b = 0. Komanso ukatenga chojambula chako n'kuchizunguza mutu pansi mozungulira poyinti ya infulekishoni, kevu imabwerera pomwe inali. N'chifukwa chake (0, 1) mnzake ndi (4, 5), ndipo (−1, −15) mnzake ndi (5, 21), pakati pawo nthawi zonse ndi (2, 3)

Mchini_Boyi
Mwaona ka, −b/2a yanga ija imagwira. Pa 3x² − 12x + 9 ndi 12/6 = 2

Kanjala_UNZA1
Imagwira ukaiika pa dy/dx. Ukaiika pa kyubiki yeniyeni ikupatsa 6/2 = 3 yomwe si infulekishoni

WakuKatete
Ndiye basi derivativi yachiwiri ndi yotayitsa nthawi pa kyubiki. Ndipeza makisimamu ndi minimamu, nditenga pakati, ndamaliza. Mu mayeso nthawi ndi yochepa abale

Mphunzitsi_Chadiza
Yesani njira yanuyo pa y = x³ + 3x.

WakuKatete
dy/dx = 3x² + 3, kuyika ziro x² = −1. Sizitheka. Ndiye ilibe potembenukira, ilibenso infulekishoni

Mphunzitsi_Chadiza
Potembenukira ilibedi, imangokwera kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Koma infulekishoni ilipo. d²y/dx² = 6x, negetivi kumanzere kwa 0, pozitivi kumanja, ndiye (0, 0) ndi infulekishoni ndipo giradiyenti pamenepo ndi 3. Onani magiradiyenti, pa x = −2 ndi 15, pa −1 ndi 6, pa 0 ndi 3, pa 1 ndi 6, pa 2 ndi 15. Kevu imabwera ikukwera mwamphamvu, imachepetsa mpaka 3, n'kuyambiranso mphamvu osafika pa ziro. Pa kevu ngati iyi derivativi yoyamba yangokuuzani kuti ikukwera basi, maonekedwe onse mukuwatenga ku yachiwiri. Wosaigwiritsa ntchito amajambula mzere wowongoka kapena amakopera y = x³ n'kuigoneka pa ziro, zonse ziwiri n'zolakwika.

Njira ya pakatiyo ine ndimaikonda, koma ngati yotsimikizira. A Petauke akanaidziwa akanaona msanga kuti (1, 0) siingatheke.

Lundazi_Dada
Ine ndinamaliza sukulu kalekale koma ndikutsatira ndi chidwi. Funso langa, a Katete ananena poyamba kuti d²y/dx² = 0 basi ndi infulekishoni ndipo palibe amene wawatsutsa pa mfundo imeneyo. Ine ndikukumbuka aphunzitsi athu ankakana zimenezo mwamphamvu, ankati uyese mbali zonse ziwiri. Zinasintha?

Kanjala_UNZA1
Sizinasinthe adada. Tengani y = x⁴, d²y/dx² = 12x², pa x = 0 ndi ziro koma pa −1 ndi 12 ndipo pa 1 ndi 12, pozitivi mbali zonse. Kapindikidwe sikanasinthe, (0, 0) ndi minimamu chabe. Chomwe chimapanga infulekishoni ndi kusintha kwa saini, ziroyo imangokuuza pokafufuza. Koma pa kyubiki a Katete sangagwe nayo chifukwa 6ax + 2b ndi mzere wowongoka wopendekeka, a siingakhale ziro apo ayi si kyubiki, ndiye ukadula ziro umasintha saini basi. Kyubiki iliyonse ili ndi infulekishoni imodzi, siiposa siichepera

WakuKatete
Ndiye pa kyubiki palibe chifukwa cholembera zoyesa mbali ziwiri, mwavomera nokha

Mphunzitsi_Chadiza
M'kalasi mwanga mwana akalemba d²y/dx² = 0 n'kulumphira pa yankho ndimamubweza. Ndi mizere iwiri chabe, pa x = 1 ndi −6, pa x = 3 ndi 6, saini yasintha. Ndipo manambala amenewa amakhala kuti wawapeza kale poyesa makisimamu ndi minimamu, palibe ntchito yatsopano. Chomwe ndimaopa ndi chizolowezi. Wozolowera kulumpha pa kyubiki adzalumphanso akakumana ndi x⁴.

Kanjala_UNZA1
Apa aphunzitsi ine ndisiyana nanu pang'ono mwaulemu. Mwana akalemba kuti 6x − 12 ndi mzere wowongoka ndiye usintha saini pa 2, kwa ine waonetsa kumvetsa kuposa amene walowetsa manambala awiri mongotsatira. Kuyesa manambala nako kuli ndi msampha wake, pa kevu yokhala ndi malo angapo omwe d²y/dx² ndi ziro ukatenga nambala yakutali ukhoza kudumpha ziro ina n'kupeza saini yolakwika

Mphunzitsi_Chadiza
Akalemba chifukwa chimenecho ndimulandira ndi manja awiri. Amene ndimabweza ndi wosalemba kalikonse. Koma mwa ana omwe ndimaphunzitsa, oti angalembe chiganizo chimenecho molondola mayeso ali mkati ndi ochepa, manambala awiri aja amawapulumutsa onse.

Lundazi_Dada
Ine ndili mbali ya aphunzitsi. Wochonga sakudziwa zomwe zili m'mutu mwako, amaona zomwe zili pa pepala

WakuKatete
Ine ndikaonabe mapepala akale a ECZ ndione momwe amafunsira, ngati funso langoti jambula sindiona chifukwa cholembera zambiri

Kapata_G12
Aphunzitsi ndayesa lina ndekha kuti ndione ngati zalowa. y = x³ − 3x² + 3x + 1. dy/dx = 3x² − 6x + 3 = 3(x − 1)², ziro pa x = 1 pokha. d²y/dx² = 6x − 6, nayonso ziro pa x = 1. y = 1 − 3 + 3 + 1 = 2. Manje apa ndimafuna kuyesa ngati (1, 2) ndi makisimamu kapena minimamu koma derivativi yachiwiri yandipatsa ziro, si pozitivi si negetivi. Ndayesa mbali, pa x = 0 ndi −6, pa x = 2 ndi 6, yasintha ndiye infulekishoni. Ndipo dy/dx pa 1 ndi ziro. Iyi ndigoneke?

Mphunzitsi_Chadiza
Iyi igoneke mwananga, dy/dx yakuloleza. Koma igone pa poyinti imodzi yokha, osakoka mzere wautali. Giradiyenti pa x = 0 ndi 3, pa x = 1 ndi 0, pa x = 2 ndi 3, ndipo 3(x − 1)² siingakhale negetivi, ndiye kevu isatsike olo pang'ono. Ichoke pa (0, 1) ikukwera, ifike pa (1, 2) chogona, ipitirize kukwera kudutsa pa (2, 3).

Mkwasu_Petauke
Pali njira yodziwira msanga kuti kyubiki ndi ya mtundu uti usanayambe zonsezi? chifukwa taona itatu manje, ya potembenukira pawiri, yogona pamodzi, ndi ija yosagona

Kanjala_UNZA1
Yang'anani b² − 3ac, imachokera ku disikiriminanti ya dy/dx. Ya mlongo yoyamba 36 − 27 = 9, pozitivi, potembenukira pawiri. Yachiwiriyi 9 − 9 = 0, infulekishoni yogona. x³ + 3x ndi 0 − 9 = −9, palibe pogona. Yanu ija samalani poti inalembedwa chobwerera, a = −1, b = 3, c = 0

Mkwasu_Petauke
9 − 0 = 9, pozitivi, pawiri. Yagwirizana

Nyimba_Nthochi
Fomyula ina yoloweza iyi, ine m'mutu mwadzaza kale. Ndingofakitoraiza dy/dx ndione zomwe zituluke

Mchini_Boyi
Nanga zikakana kufakitoraiza?

Nyimba_Nthochi
Fomyula ya kwadiratiki ilipo, mkati mwa sikweya ruti mukatuluka negetivi ndadziwa kuti palibe pogona, ndipita ku derivativi yachiwiri. Wina aponye lina la −x³ tiyese tonse malaiti asanapite, ine za saini yotembenuka zija sindinazigwire bwino

Mphunzitsi_Chadiza
y = −x³ + 3x² + 9x − 2. Ndikufuna potembenukira, infulekishoni, giradiyenti ya pa infulekishoni, ndi mbali yomwe mbale yavundikira. A Kanjala musayankhe, asiyireni ana.